Fayilo ya magigabaiti 6 pa rauta ya anthu atatu

Nyumba imene ndimachita lendi pa Kasungu boma ili ndi zitseko zitatu zoyang'ana kumsewu. Changa ndi chapakati, ndipo ndimo ndimakonzera makompyuta. Kumanja kuli mayi wa fotokope, amene amalemberanso anthu makalata ofunsira ntchito. Kumanzere kuli mnyamata woika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni ndi m'mamemori. Atatufe timasonkha ndalama ya bandulo ya pamwezi, ndipo rauta, kabokosi koyera kolowa simukhadi kaja, imakhala pawindo langa chifukwa ndi pomwe netiweki imagwira bwino.

Tsiku lina mu Meyi, msika wa fodya wa Chinkhoma uli mkati ndipo aliyense m'tauni akuyenda mothamanga, bambo wina wa ku Chamama anandisiyira laputopu yokalamba kuti ndiikemo Ubuntu 24.04, mtundu wa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse. Memori imene ndinkasungamo pulogalamuyi inali itafa, ndiye ndinafunika kuitenganso pa intaneti. Fayilo yake ndi pafupifupi magigabaiti 6. Ndinadina linki mu bulawuza nthawi itatsala pang'ono kukwana 10 koloko, ndinaona kamzere kakuyenda bwinobwino, basi ndinayamba kumasula timisomali ta laputopu ina ndikuimba likhweru.

Sipanathe mphindi 15, mayi wa fotokope anali pakhomo.

"Achimwene, mwaitani intaneti? Mwana ali pa intaviyu ya ntchito, mawu akungoduka. Akumufunsa funso, iye akuyankha anthu atapita kale pa funso lina."

Ndinayankha monga timayankhira tonse, kuti ndi netiweki. Ndinayang'ana rauta, timagetsi tonse tikuyaka. Ndinapita m'chipinda mwawo, ndinapeza mtsikana uja atavala bulauzi yoyera yositidwa bwino, thukuta lili pamphumi, nkhope ya womufunsa itauma pa sikirini pakamwa pali yasa. Apa mpamene ndinakumbukira kamzere kanga kaja. Ndinathamanga kukadina `Cancel`, ndipo ndisanatembenuke n'komwe ndinamva kudzera pakhoma mawu a womufunsa uja akutuluka bwinobwino ngati wailesi. Ndinadziwa kuti wolakwa ndine. Komanso pothamangapo ndinadina batani lolakwika, chifukwa `Cancel` amafufuta chidutswa chimene chalowa kale. Mamegabaiti pafupifupi 900 a bandulo yathu anapita choncho.

Chimene chinandivuta m'mutu ndi ichi. M'mawa rauta yathu imapereka pafupifupi mamegabiti 8 pa sekondi. Kulankhulana pa vidiyo kumafuna megabiti imodzi kapena awiri basi. Ndiye bwanji zinthu ziwirizi sizinangogawana, ine 6 iye 2, aliyense n'kumayenda? Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti intaneti ikachedwa ndiye kuti yachepa. Koma nthawi zambiri, m'nyumba ngati yathuyi, chimene chimapweteka ndi mzere.

Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa za kuchigayo. Mwana watumidwa ndi kabeseni kamodzi ka chimanga, kakuti kugaya kwake sikungathe mphindi zitatu, koma wapeza kuti bambo wina wafika kale ndi ngolo yodzaza matumba, ndipo wawandandalitsa onse pamzere. Chigayo chikugwira ntchito bwinobwino, sichinachepe mphamvu. Mwanayo angodikira kuti matumba amene ali patsogolo pake athe kaye. Choipa kwambiri n'chakuti bambo wangoloyo, thumba limodzi likangolowa, akuikanso lina pamzere, moti mzerewo sufupika.

Fayilo yaikulu imabwera chimodzimodzi, m'timaphukusi ting'onoting'ono ta mabaiti osapitirira 1,500 kamodzi. Ndondomeko imene imayendetsa timaphukusiti, yotchedwa TCP, sidziwa kuti njira ya kwanu ndi yotakata bwanji. Imayamba pang'ono, n'kumawonjezera liwiro, kuwonjezera, mpaka kaphukusi kena katayike. Ikaona kuti kena katayika m'pamene imabwerera m'mbuyo, kenako n'kuyambanso kukwera. Umu ndi mmene inapangidwira, si kuti yawonongeka. Tsono pamalo opapatiza kwambiri pa njira yonseyo, omwe kwa ife ndi pakati pa nsanja ya netiweki ndi rauta yathu, pamakhala kankhokwe kosungiramo timaphukusi todikira. Kankhokweko kakakhala kakakulu, timaphukusi sititayika msanga, timangounjikana, ndipo TCP imapitiriza kuthira poganiza kuti zonse zili bwino. Tiyerekeze kuti mwaunjikana megabaiti imodzi, pamene njirayo imadutsa megabaiti imodzi pa sekondi. Ndiye kuti kaphukusi kalikonse katsopano, ngakhale kakhale konyamula mawu akuti "inde bwana", kadikira sekondi yathunthu. Akatswiri a matelefoni amati kuti anthu azicheza momasuka, mawu asamachedwe kupitirira mamilisekondi 150 popita. Sekondi yathunthu ndi mamilisekondi 1,000. Katswiri wina wa ku Amerika, Jim Gettys, anatchukitsa vutoli mu 2010, ndipo mukafuna kuliwerenga lembani mawu akuti `bufferbloat` pofufuza.

Kudziwa ngati vuto lanu ndi limeneli n'kosavuta, ndipo sikudya bandulo yoti munthu angadandaule nayo. Pa Windows mumatsegula `Command Prompt` n'kulemba:

```
ping -t 8.8.8.8
```

Pa Linux `-t` mumamusiya. Sekondi iliyonse pamatuluka mzere wokhala ndi `time=`, ndipo nambala imeneyo ndi mamilisekondi amene kaphukusi katenga kupita ndi kubwerera. Intaviyu itatha ndinayesa dala. Palibe chikulowa, nambala zinkasewera pakati pa 60 ndi 80. Nditayambitsanso fayilo ija, m'masekondi ochepa zinakwera kufika 900, nthawi zina kudutsa 1,200. Nditaimitsa, zinagwa kubwerera pa 70. Mukaona nambala zikukwera ndi kutsika motsatira fayilo yanu chonchi, musavutike kuzimitsa ndi kuyatsa rauta, kapena kuikweza padenga. Koma zikakhala zokwera ngakhale palibe amene akutenga kanthu, kapena mizere yambiri ikungoti `Request timed out`, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo zimene ndikufotokoza panozi sizikuthandizani.

Mankhwala ake ndi kuletsa fayilo yaikuluyo kuti isafike podzaza njira. Ikamabwera pa liwiro lotsika kuposa limene njira ingathe, kankhokwe kaja kamakhala kopanda kanthu, ndipo timaphukusi ta ena timangodutsa. Tsoka lake mabulawuza amene ambirife timagwiritsa ntchito alibe batani loonekera lochepetsera liwiro la fayilo. N'chifukwa chake ndinapita ku `wget`, kapulogalamu kolemba malamulo komwe kamapezeka pa makompyuta ambiri a Linux.

Ndipo apa ndinalakwitsanso. Ndinaganiza kuti pa mamegabiti 8 aja nditengepo theka, ndiye ndinalemba `--limit-rate=4m`. Ndinayang'ana `ping`: 950, 1,100, 870. Palibe chasintha. Ndinakanda mutu kwa kanthawi ndisanazindikire kuti ndasokoneza miyezo iwiri yofanana mayina. Makampani a netiweki ndi mawebusayiti oyezera liwiro amawerenga mamegabiti, amene amalembedwa `Mbps`. Koma `wget`, monganso bulawuza ikamaonetsa fayilo ikulowa, imawerenga mabaiti, ndipo baiti imodzi ndi mabiti 8. Choncho `4m` wanga uja anatanthauza mamegabaiti 4 pa sekondi, omwe ndi mamegabiti opitirira 33. Zinali ngati kuuza wakabaza kuti asadutse makilomita 100 pa ola. Avomera ndithu, koma apalasa monga amapalasira.

Masamu ake ndi kugawa ndi 8. Njira ya mamegabiti 8 imadutsa megabaiti imodzi pa sekondi, kapena tinene makilobaiti pafupifupi 1,000. Ine ndinafuna kutengapo osafika theka, ndiye ndinalemba:

```
wget -c --limit-rate=400k LINKI
```

Pamene pali `LINKI` mumaikapo adiresi ya fayiloyo. Makilobaiti 400 pa sekondi ndi mamegabiti 3.3, kusiyira anzanga oposa 4. Nambala za `ping` zinakhazikika pakati pa 70 ndi 110. Ndinafuula pakhoma kufunsa mayi aja ngati imelo ikutseguka, anati ikutseguka. Kalemba kakang'ono `-c` n'kofunika kuposa mmene kakuonekera: kamauza `wget` kuti ikapeza chidutswa cha fayilo chimene chinalowa kale, ipitirize pomwe inalekera, malinga ngati seva ikulola, ndipo maseva ambiri amalola. Kuno kumene magetsi amathima osatsanzika, ine sindiyambitsa fayilo yaikulu popanda kalembaka.

Wina angafunse kuti kompyuta yanga ingalamule bwanji seva imene ili kutsidya la nyanja kuti itumize pang'onopang'ono. Chinyengo chake n'chophweka. `wget` imawerenga pang'ono, n'kupumira, n'kuwerenganso, kuti liwiro likaphatikizidwa lifanane ndi limene mwalemba. Ikamapumira, malo olandirira mu kompyuta yanu amadzaza, ndipo TCP imauza sevayo kuti malo atsala ochepa, iyambe yadikira. Ndiye matumba aja amatsala kunyumba kwa mwiniwake m'malo mounjikana pachigayo. Chifukwa cha kachitidwe kameneka, pa masekondi oyambirira liwiro limadumphadumpha lisanakhazikike, ndipo pa timafayilo tating'ono malirewa saoneka n'komwe.

Amene ali pa Windows 10 kapena 11 ali kale ndi `curl`, imene imachita zomwezi:

```
curl.exe -L -C - --limit-rate 400K -O LINKI
```

Mtengo wake ndi nthawi. Pa liwiro lonse, magigabaiti 6 akanalowa pa ola limodzi ndi mphindi 40. Pa makilobaiti 400 amatenga maola anayi ndi mphindi zochepa. Kwa ine sizinali kanthu, poti mwini laputopu anali atanena kuti abwera mawa lake. Koma ndinene pano, chifukwa mnyamata wa nyimbo uja anasangalala molakwika nditamufotokozera: kuchepetsa liwiro sikupulumutsa bandulo. Magigabaiti 6 ndi 6 basi, kaya alowe pa ola limodzi kaya usiku wonse.

Ndinayambitsa 11 koloko. Pofika 2 koloko masana panali patalowa magigabaiti pafupifupi 4.4, ndipo ine ndinali nditaiwalako. Kenako mayi aja anagogoda pakhoma ndi chotsekera mapepala, chizindikiro chathu chakale. Ndinayang'ana `ping`, ili pa 600, 700. Malire anga ndinali ndisanawagwire, ndipo `wget` inkaonetsabe pafupifupi 400 yemweyo. Chimene chinasintha ndi njirayo. Intaneti ya simukhadi si yanu nokha ngakhale mutakhala nokha m'nyumba, chifukwa nsanja imodzi imagawira aliyense amene ali pafupi nayo. Masana a nyengo ya fodya, anthu atadzaza m'tauni aliyense foni kumanja, mamegabiti 8 a m'mawa aja anali atatsika kufika pafupifupi 4. Ine ndikutenga 3.3, otsalawo sanakwanire anthu awiri ndi makasitomala awo, ndipo mzere unayambiranso.

Ndinadina `Ctrl+C` kuti `wget` iime, n'kulembanso lamulo lomwe lija koma ndi `200k`, omwe ndi mamegabiti 1.6. Chifukwa cha `-c`, inapitirira pa 4.4 pomwepo. Magigabaiti 1.6 otsalawo anatenga maola awiri ndi mphindi 10, ndipo fayilo inatha 4 koloko itangodutsa. Kuyambira tsiku limenelo sindisankhanso nambala potengera liwiro la m'mawa. Ndimayeza nthawi imene netiweki imakhala yofooka kwambiri, n'kutenga theka la pamenepo kapena kucheperapo, ndipo windo la `ping` ndimalisiya lotsegula pakona ya sikirini. Nambala zake zikamadutsa mamilisekondi 200 kwa kanthawi, ndimatsitsa malire. Ndikatseka shopu madzulo, anzanga atapita, ndimachotsa malire onse kuti ithamange mmene ingathere.

Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepa, koma patatha sabata mayi aja anagogodanso ine ndisakutenga kalikonse. Ndinapita kwa mnyamata wa kumanzere.

"Iwe, ukutenga chiyani?"

"Palibe, akulu. Kafilimu kamodzi basi."

Kafilimu kamodziko kankalowa kudzera mu pulogalamu ina yofulumizitsa mafayilo, imene imadula fayilo m'zidutswa 8 n'kutenga zonse nthawi imodzi. Anyamata a nyimbo amaikonda chifukwa imathamangadi, koma kuthamanga kwake n'kolanda. Njira ikadzaza, TCP imagawa malo potengera kuchuluka kwa timisewu totseguka, osati kuchuluka kwa anthu. Iye ali ndi timisewu 8, mayi aja kamodzi, ndiye kuti pa magawo 9, asanu ndi atatu ndi ake. Ndi bambo wangolo uja atabweretsa ana ake asanu ndi awiri, aliyense n'kumuimika pamzere ndi thumba. Ubwino wake mapulogalamu oterewa amakhala ndi poikira malire, pena pamalembedwa `Speed Limiter`, pena `Traffic limits` kapena mawu ofanana nawo. Chofunika kuyang'anitsitsa n'chakuti malirewo ndi a mafayilo onse pamodzi kapena a fayilo iliyonse payokha. Makilobaiti 200 pa mafilimu asanu nthawi imodzi ndi 1,000, njira yonse yatha. Tinagwirizana kuti masana aziika 200 pa zonse pamodzi. Anavomera monyinyirika, ndipo ndikudziwa kuti ndikapita kukadya nsima amachotsa.

Wakuba wina ndinkamulowetsa ndekha. Laputopu ya kasitomala imene yakhala miyezi isanu ndi umodzi kumudzi osaona intaneti, ikangolumikizidwa ku wayifayi imayamba kudzitengera zokonzanso za Windows mwakachetechete, popanda kamzere kalikonse pa sikirini. Masiku ano ndikangoilumikiza, chinthu choyamba ndimapita pa zokonda za wayifayiyo n'kuyatsa `Metered connection`, zimene zimauza Windows kuti intaneti iyi ndi yogula ndi bandulo, isamatenge zinthu zambiri payokha. Ngati ntchito yake ndi yoika zokonzansozo, ndimalowa mu `Windows Update`, `Advanced options`, `Delivery Optimization`, momwe muli poikira malire. Chenjerani, umu nambala zake ndi za `Mbps`, osati makilobaiti ngati ku `wget`. Mafoni nawo ali ndi khalidwe lawo. Ena akangoona wayifayi amayamba kukweza zithunzi ndi mavidiyo onse a ukwati kukasunga pa intaneti. Njira yotumizira nthawi zambiri imakhala yopapatiza kuposa yolandirira, ndipo ikadzaza, ngakhale timauthenga ting'onoting'ono totsimikiza kuti timaphukusi tafika timakhala pamzere, moti zonse zimachedwa mbali zonse ziwiri.

Mnzanga wina wa ku Lilongwe amandiseka kuti ndikuthamangitsa nkhuku imodziimodzi m'malo momanga khola. Akunena zoona. Njira yokhalitsa ndi kuika malire pa rauta penipeni, kuti asadalire ulemu wa munthu. Marauta amene amalola kuikamo OpenWrt, pulogalamu yoyendetsa rauta, amatha kukhala ndi chinthu chotchedwa `SQM`, chimene chimagwiritsa ntchito ndondomeko zoyendetsera mzere zotchedwa `fq_codel` kapena `cake`. Maziko a `fq_codel` ndi ntchito imene Kathleen Nichols ndi Van Jacobson anatulutsa mu 2012. Mumaiuza rauta liwiro lotsikirapo pang'ono kuposa lenileni, kawirikawiri pakati pa 85 ndi 95 pa 100 alionse, kuti mzere uchoke ku nsanja ubwere mu rauta yanu momwe mungaulamulire. Kenako rautayo imapanga mizere yambiri m'malo mwa umodzi, ndipo wakabeseni amalowetsedwa pakati pa matumba osadikira ngolo yonse. Pa intaneti ya waya, imene liwiro lake silisinthasintha, zimenezi zimagwira ntchito mochititsa kaso.

Ine sindinafikebe pamenepo, pa zifukwa ziwiri. Kabokosi kathu koyera sikalola zimenezi, ndiye pangafunike kugula rauta yachiwiri yoika kumbuyo kwake. Chachiwiri ndi chomwe chija cha 2 koloko masana. Ndikaiuza rauta mamegabiti 7, masana njira ikatsika kufika 4 malirewo sagwiranso, mzere umabwerera ku nsanja. Ndikaiuza 3.5, m'mawa ndi usiku tikutaya theka la liwiro limene tinalipira. Alipo amene analemba timapulogalamu tosintha nambalayi tokha potengera `ping`, koma imeneyo ndi ntchito yoti munthu ukhale nayo pansi Loweruka lonse, ndipo Loweruka ndi tsiku limene makasitomala amadzaza.

Ndiye pakadali pano tili ndi kapepala komata pakhoma pafupi ndi rauta, kolembedwa ndi cholembera chofiira: masana 200, usiku mmene mungafunire. Mayi wa fotokope anawonjezerapo mzere wawo pansi pake, kuti aliyense amene ali ndi intaviyu kapena kalasi ya pa vidiyo azinena dzulo lake. Mtsikana uja anaitanidwanso ku intaviyu yachiwiri mu Juni. M'mawa wake ndinazimitsa wayifayi pa malaputopu onse a pa tebulo langa, kenako ndinapita kukakhala m'shopu ya mnyamata wa nyimbo mphindi 40 zathunthu, ndikunamizira kusankha nyimbo, maso ali pa sikirini yake.